Mapeto a Imelo ya Ntchito: Ndani Achite Chiyani, Pofika Liti

Mizere iwiri kapena itatu yomaliza ya imelo ya ntchito ndi imene wolandira amayang'anitsitsa pofuna kudziwa chimene akuyenera kuchita. Kumayambiriro kumakhala moni ndi kufotokoza nkhani, koma kumapeto ndi kumene munthu amaganiza zoyankha pompo, zoyankha mawa, kapena zongotseka n'kugwira zina. Makalata ambiri a m'maofesi amafooka akafika pamenepa. Amatha ndi mawu monga akuti "tidikira yankho lanu", "tidziwitseni maganizo anu", "tilumikizana", kapena "chonde chitanipo kanthu mwachangu". Onsewa ndi mawu aulemu, ndipo palibe amene angakhumudwe nawo, koma satchula chochita chenicheni, satchula woti achite, ndiponso satchula tsiku limene chinthucho chikufunika.

Vuto la mapeto otere ndi loti ntchito imene wolemba anayenera kugwira amaikankhira kwa wowerenga. Munthu amene wauzidwa kuti apereke maganizo ake amayamba wadzifunsa kuti maganizo ake pa chiyani kwenikweni: pa mtengo kodi, pa tsiku, kapena pa nkhani yonse? Kenako amadzifunsa ngati mnzake amene walandiranso imeloyo sayankha m'malo mwake. Pomaliza amayeza yekha kuti "mwachangu" akutanthauza lero kapena sabata ino. Mafunso atatuwa amafuna nthawi, ndipo pa tsiku limene maimelo abwera ambirimbiri, munthu amayamba ndi amene ali ndi tsiku lodziwika. Imelo yopanda tsiku imadikira mpata, ndipo mu ofesi mpata sukonda kupezeka. Wolandirayo si kuti wakana kapena wanyoza ayi. Kungoti sanauzidwe pamene angaiike imeloyo pa mndandanda wa ntchito zake.

Zoti tsiku lomaliza limasintha khalidwe la anthu zinayesedwapo. Mu 1992 akatswiri awiri a za maganizo, Amos Tversky ndi Eldar Shafir, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ndi ophunzira a ku yunivesite ku America. Ophunzirawo analonjezedwa madola 5 akayankha ndi kubweza chikalata chachitali cha mafunso. Ena anapatsidwa masiku 5, ena masabata 3, ndipo ena sanapatsidwe malire alionse. Mwa amene anapatsidwa masiku 5, anthu 60 pa 100 alionse anabweza. Mwa a masabata 3 anabweza 42. Mwa opanda malire anabweza 25 okha. Ndalama inali yofanana, ntchito yofanana. Amene anali ndi ufulu wochuluka ndiwo anachita zochepa, chifukwa chinthu chimene chingachitike tsiku lililonse n'chosavuta kuchisiyira mawa.

Chochita ndi wochichita

Mapeto abwino amayamba ndi chochita chimodzi chimene chikachitika chimaoneka. Kuuza munthu kuti "muunike" kapena "muganizirepo" sikukwanira, pakuti palibe angadziwe ngati kuunikako kwatha. Koma kumupempha kuti asaine tsamba lomaliza n'kulibweza, atumize nambala ya akaunti, asankhe pakati pa Lachiwiri ndi Lachinayi, kapena ayankhe kuti wavomereza, ndi kumupatsa ntchito yokhala ndi pothera. Njira yosavuta yoyesera ndi iyi: munthu wachitatu amene sakudziwa nkhaniyo atawerenga mzerewo, kodi angathe kunena mawa lake kuti zopemphedwazo zachitika kapena ayi? Ngati sangathe, mzerewo ukadali wosamveka.

Kuchuluka kwa zopempha nakonso kumasokoneza. Imelo imene ikupempha zinthu zinayi nthawi zambiri imayankhidwa chimodzi, makamaka chosavuta kapena chimene chili kumapeto. Ngati zinthuzo n'zosagwirizana, ndi bwino kulemba maimelo osiyana. Ngati ziyenera kuyendera limodzi, chilichonse chikhale pa mzere wake ndi nambala yake, kuti woyankha athe kunena kuti choyamba chatheka, chachiwiri chikudikira.

Pa nkhani ya wochita, vuto limakula pamene imelo yapita kwa anthu angapo. Mu 1968 John Darley ndi Bibb Latané anaonetsa kuti munthu amene akuganiza kuti pali ena amene amvanso kulira kwa wovutika amachedwa kuthandiza kuposa amene akudziwa kuti ali yekha, chifukwa udindo umamwazikana pakati pa onse. Kafukufuku wawo anali wa ngozi, osati wa makalata, koma aliyense amene anatumizapo pempho kwa anthu asanu n'kusayankhidwa ndi mmodzi yemwe amazindikira khalidwe lomweli. N'chimodzimodzi ndi kulengeza pa msonkhano wa mudzi kuti "wina akonze mlatho uja": onse amagwedeza mutu, mlatho n'kukhala momwemo. Choncho woti achite alembedwe yekha pa malo a To, ongofunika kudziwa apite pa Cc, ndipo mu mzere wopemphawo munthuyo atchulidwe ndi dzina kapena udindo wake. Ngati anthu awiri ali ndi zochita zosiyana, aliyense akhale ndi chiganizo chake.

Tsiku lomaliza limachokera pa kuwerengera chobwerera

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Tsiku lomaliza silongotola m'mutu. Limapezeka poyambira pa tsiku limene silingasunthe, n'kumachotsa masiku amene gawo lililonse la ntchito limadya, mpaka kufika pa tsiku limene yankho likufunika.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Kampani yosindikiza mabuku ku Blantyre yapatsidwa ntchito yosindikiza timabuku 500 ta msonkhano wa bungwe lina. Msonkhanowo uli ku Lilongwe Lachinayi pa 23 Okutobala 2025. Osindikiza akonza kope loyamba, ndipo sangayambe kusindikiza eni ake asanaliwerenge n'kuvomereza, chifukwa dzina limodzi lolakwika likasindikizidwa ka 500 silikonzeka ndi cholembera. Lachitatu pa 8 Okutobala, woyang'anira ntchitoyo akutumiza kopelo kwa anthu atatu a ku bungweko, ndipo imelo yake ikutha motere:

"Taphatikiza kope loyamba la kabuku kanu. Chonde lioneni ndipo mutidziwitse maganizo anu mwachangu. Tidikira kumva kuchokera kwa inu."

Kwa a ku bungwe, msonkhano uli patsogolo ndi masabata awiri athunthu, choncho "mwachangu" angathe kukhala Lachisanu la sabata yamawa. Iwo sadziwa kuti makina amafuna masiku angati, ndipo si udindo wawo kudziwa. Wosindikiza yekha ndi amene ali ndi masamuwo, koma wawasunga m'mutu.

Masamuwo ali chonchi. Timabuku tiyenera kukhala ku Lilongwe Lachitatu pa 22, kuti tisanjidwe m'mafayilo a alendo. Ndiye kuti katundu anyamuke ku Blantyre Lachiwiri pa 21. Kusindikiza, kupinda, kumanga ndi kudula kumatenga masiku atatu ogwira ntchito: Lachinayi pa 16, Lachisanu pa 17 ndi Lolemba pa 20, poti Loweruka ndi Lamlungu kampaniyo imatseka. Lachitatu pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, lomwe ku Malawi ndi tchuthi, choncho silingawerengedwe. Lachiwiri pa 14 liyenera kusungidwa kuti ngati pali zolakwika zikonzedwe n'kuonetsedwanso kwa eni ake. Yankho likufunika Lolemba pa 13. Masabata awiri aja asanduka masiku atatu ogwira ntchito kuchokera pa tsiku lotumiza, ndipo zimenezi palibe akanazidziwa powerenga mawu akuti "mwachangu".

Atawerengera chonchi, woyang'anira uja angalembe imelo yake kwa mayi amene akuyendetsa msonkhanowo, ena awiri aja n'kuwaika pa Cc:

"Mayi, tikupempha kuti muwerenge kope lomwe taphatikizali, makamaka mayina a olankhula pa tsamba 3 ndi ndondomeko ya nthawi pa tsamba 6. Chonde mutiyankhe pofika Lolemba pa 13 Okutobala, 12 koloko masana. Ngati zonse zili bwino, ingolembani kuti mwavomereza; ngati pali zokonza, tilembereni chilichonse ndi nambala ya tsamba lake. Tatchula tsikuli chifukwa pa 15 ndi tchuthi, ndipo tiyenera kuyamba kusindikiza pa 16 kuti timabuku tifike ku Lilongwe pa 22. Ngati mukuona kuti pa 13 sizitheka, tiuzeni pofika Lachisanu lino kuti tione pamodzi chochita. Zikomo kwambiri."

Mapetowa ndi otalikirapo kuposa oyamba aja, koma wowerenga amathana nawo msanga. Auzidwa masamba amene ali ndi chiopsezo chachikulu, kotero ngakhale atakhala ndi mphindi khumi zokha adziwa poyambira. Apatsidwa mayankho awiri okha oti asankhepo. Auzidwanso chifukwa cha tsikulo, ndipo ichi n'chofunika kwambiri: tsiku lopanda chifukwa limamveka ngati lamulo la munthu wodzimva, pomwe tsiku lokhala ndi chifukwa limamveka ngati chenjezo la mnzako amene akufuna kuti msonkhano wako uyende bwino. Chiganizo chomaliza chimatsegula khomo loti mayiwo anene msanga ngati pali chovuta, nthawi yoti n'kusintha dongosolo ikadalipo. Ola la 12 masana nalo silinangoikidwa: likupatsa osindikiza masana onse a Lolemba oti aimbe foni ngati yankho silinafike.

Kalembedwe ka tsiku ndi ola

Tsiku lilembedwe ndi dzina la tsikulo, deti ndi dzina la mwezi. Mawu akuti "mawa" amadalira tsiku limene imeloyo yatsegulidwa, ndipo imelo yolembedwa Lachitatu usiku n'kuwerengedwa Lachinayi m'mawa ili ndi "mawa" awiri. "Lachisanu likubwerali" amakanganitsa anthu ngakhale a mu ofesi imodzi. Kulemba dzina la tsiku pamodzi ndi deti kuli ndi phindu lina: wolemba akalakwitsa, n'kulemba Lolemba pa 14 pomwe Lolemba ndi pa 13, wowerenga amaona kusagwirizanako n'kufunsa.

Manambala okha ndi oopsa polemberana ndi anthu akunja. Deti lolembedwa kuti 03/04/2025 ku Malawi, ku Zambia ndi ku Britain ndi pa 3 Epulo, pomwe ku America, kumene amayamba ndi mwezi, ndi pa 4 Malichi. Kusiyana kwake ndi pafupifupi mwezi wathunthu. Ndondomeko ya ISO 8601 imathetsa vutoli poyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2025-04-03, ndipo ndi yothandiza pa mayina a mafayilo. Koma m'kati mwa chiganizo, kulemba dzina la mwezi n'kokwanira.

Zilembo zachidule zimene zimaoneka m'maimelo a Chingerezi, monga ASAP ndi COB, zili ndi vuto lomwelo. Zoyambazo zimangonena kuti msanga, osatchula tsiku. Zachiwirizo zimanena nthawi yoweruka, koma maofesi saweruka nthawi imodzi, ndipo akakhala m'mayiko osiyana ndiye kusiyanako kumakula. Pamene ku Lilongwe ili 12 koloko masana, ku Lusaka, ku Harare ndi ku Johannesburg ilinso 12, koma ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam ili 1 koloko, ku Dubai 2 koloko, ndipo ku Guangzhou ili 6 koloko madzulo, ambiri ataweruka kale. Ku London n'kovutirapo, chifukwa amasintha mawotchi kawiri pa chaka: kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala amatsalira ndi ola limodzi, ndipo miyezi inayo amatsalira ndi maola awiri. Wochita malonda ndi anthu a kumalo amenewa alembe ola n'kuwonjezera kuti ndi nthawi ya kuti, ndipo ndi ulemu kutchula nthawi ya kwa wolandirayo.

Ngati yankho silibwera

Olemba ena amawonjezera chiganizo chonena chimene adzachite akapanda kumva kanthu: "Tikapanda kumva kuchokera kwa inu pofika Lachinayi, msonkhano ukhala m'chipinda cha masiku onse." Pa zinthu zing'onozing'ono, zimene zingabwezedwe mosavuta ndiponso zili m'manja mwa wolembayo, chiganizo chotere chimapeputsa ntchito, pakuti wogwirizana nazo safunikanso kulemba.

Koma chili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi akale. Mu 1862 khoti la ku England linaweruza mlandu wa Felthouse ndi Bindley. Munthu wina analembera mwana wa mbale wake kalata yonena mtengo wa hatchi imene ankafuna kugula, n'kuwonjezera kuti akapanda kumva chilichonse adzaitenga hatchiyo kukhala yake. Mnyamatayo sanayankhe, ngakhale mumtima anali atavomera. Hatchiyo itagulitsidwa mwangozi pa okoshoni, wolemba kalata uja anasumira wogulitsayo, koma khoti linati panalibe mgwirizano, chifukwa munthu sangakakamize mnzake kuti kukhala chete kwake kutengedwe ngati kuvomera. Mfundo imeneyi imaphunzitsidwabe m'mayiko amene malamulo awo a mgwirizano anachokera ku England. Kwa wosindikiza wa ku Blantyre uja, tanthauzo lake ndi loti sangalembe kuti akapanda kuyankhidwa asindikiza timabuku 500 n'kutumiza bilu. Imelo ikhoza kugwera m'bokosi la Spam, mwini wake akhoza kukhala ku maliro. Pa nkhani ya ndalama, ya kusaina kapena ya chinthu chosabwezeka, chimene wolemba anganene ndi zotsatira za kuchedwako, monga kuti yankho likafika pa 16 timabuku sitifika msonkhano usanayambe, kapena kuti mtengo umene watchulidwa ugwira ntchito mpaka tsiku lakuti.

Tsiku likadutsa popanda yankho, chikumbutso chilembedwe poyankha imelo yomwe ija kuti nkhani yonse ioneke pamodzi. Chikhale chachifupi, chibwereze pempho lenilenilo m'malo mongoti "tikungokumbutsa", ndipo chitchule nthawi yatsopano pamodzi ndi chimene chasintha. Ngati kwatsala maola ochepa, foni imaposa imelo yachiwiri, ndipo zogwirizana pafonipo zilembedwe mu imelo yaifupi pambuyo pake.

Ulemu, makamaka polembera akuluakulu

Chimene chimawabweza m'mbuyo anthu ambiri ndi mantha oti kutchulira munthu tsiku ndi chipongwe, makamaka ngati ndi bwana, kasitomala wamkulu kapena munthu wachikulire. Manthawa ali ndi maziko. Kumene mwana sauza mkulu chochita, kalaliki amene walemba kuti "musaine pofika Lachitatu" akhoza kuoneka wamwano. Komabe mwano umakhala m'kapemphedwe, osati m'tsikulo. Wolembera wamkulu amayamba ndi chimene chikukakamiza, kuti aonetse kuti tsikulo silake, kenako n'kupempha: "Bwana, a ku banki akufuna fomuyi Lachinayi pa 16 m'mawa. Kodi zingatheke kuti muisaine pofika Lachiwiri pa 14, 3 koloko masana? Ndidzabwera kudzaitenga ndekha." Muli ulemu wonse m'mawu amenewa, ndipo bwanayo wapulumutsidwa ku manyazi odzamva mochedwa kuti siginecha yake ndi imene inaimitsa ntchito. Mawu othokoza ndi otsanzika sachotsedwa. Amangobwera pambuyo pa pempho m'malo molowa m'malo mwake.

Pali njira ziwiri zimene tsiku lomaliza limatayira mphamvu. Yoyamba ndi kunama. Wolemba amene amati Lachiwiri pomwe akufuna chinthucho Lachisanu la sabata inayo amadziwika msanga, ndipo anzake akazindikira kuti masiku ake ndi ongoopsezera, amayamba kuwanyalanyaza onse, ngakhale enieni. Kusunga tsiku limodzi lokonzera zolakwika, monga anachitira wosindikiza uja, n'kwanzeru ndipo kungafotokozedwe poyera. Kubisa sabata yathunthu ndi chinyengo. Yachiwiri ndi kupanikiza. Kutumiza chikalata cha masamba 40 nthawi ya 3 koloko n'kupempha yankho pofika 4 koloko kumangobweretsa chivomerezo cha munthu amene sanawerenge. Pamene nthawi yachepadi, wolemba avomereze zimenezo n'kuchepetsa pempho, monga kupempha kuti aone tsamba la mitengo lokha.

Si imelo iliyonse imene imafuna kuti wolandira achitepo kanthu, ndipo zikatero ndi bwino kunena: "Izi n'zoti mudziwe chabe, palibe chofunika kuyankha." Nthawi zina chochita chotsatira chimakhala cha wolembayo, ndipo lamulo ndi lomwelo. M'malo mwa "tidzakudziwitsani", alembe kuti "ndidzakutumizirani mtengo watsopano pofika Lachitatu pa 22, 10 koloko m'mawa". Lonjezo lotere limamanga wolemba, koma limaletsa winayo kuimba foni tsiku ndi tsiku kufunsa pamene zinthu zafika.

Pomwe imelo ndi yaitali, pempho lisangodikira kumapeto. Ambiri amawerenga pa foni, pamene mizere yochepa yokha ndi imene imaoneka, ndipo amasankha zotsegula poona mutu wa kalata. Choncho chochita ndi tsiku lake zilembedwenso pa malo a Subject, mwachitsanzo "Chivomerezo cha kabuku ka msonkhano: pofika Lolemba pa 13 Okutobala", ndipo zitchulidwe mwachidule m'chiganizo choyamba. Tsiku likasintha m'kati mwa kulemberana, mutuwo usinthidwenso, chifukwa wofufuza imeloyo patapita masiku adzakhulupirira deti limene akuliona pa mutu asanatsegule.